Tinacheza kamodzi kokha kumsonkhano: ndiwapemphe bwanji kuti tikumane?

"Ndine mlembi wa kopaletivu ya amayi olima nshawa kuno ku Chipata. Mu Malichi ndinapita kumsonkhano wa zaulimi ku Lusaka, ndipo pa nthawi ya tiyi ndinacheza pang'ono ndi bambo wina amene amagulira nshawa kampani yopanga chiponde. Anadandaula kuti nshawa zambiri amazibweza chifukwa cha chuku. Ine ndinawauza kuti gulu lathu silinyowetsa nshawa poswa. Anandipatsa kadi yawo nati, 'Mukakolola mudzandiuze.' Tsopano ndi Juni, tili ndi matumba 120, koma sindinawalemberepo. Ndikuopa kuti anandiiwala. Ndiyambire pati?" Mayi wa ku Chipata

Mtima pansi, amayi. Simunachedwe ayi. Nshawa kuno timakumba mu Epulo ndi Meyi, kenako ziume, tiswe, tisankhe, ndiye Juni ndi nthawi yomwe munthu wogula amayembekezera kumva kuchokera kwa alimi. Chotero musayambe uthenga wanu ndi kupepesa. Mukayamba ndi "pepani kuti ndakhala chete," mumamupatsa munthu chifukwa choganizira cholakwa chimene iye sanachione n'komwe.

Za dzina lanu ndiye tivomereze, mwina analiiwala. Ine ndinakhala zaka zambiri pa tebulo la mlembi, pakhomo pa ofesi ya abwana, ndisanayambe ntchito yophunzitsa magulu a alimi. Abwana akabwera kumsonkhano ankandipatsa mulu wa makadi, ine n'kuwamanga ndi mphira, n'kuponya mudirowa. Pakapita sabata ziwiri, nditatulutsa kadi imodzi n'kufunsa kuti awa ndi ayani, ankangoyang'ana kudenga. Koma ndikanena kuti "ndi aja munakambirana nawo za galimoto yonyamula katundu ku Lundazi," nkhope inkawala pomwepo, n'kuyamba kundifotokozera zonse. Ndinaona zimenezi kambirimbiri mpaka ndinazindikira kuti munthu wotanganidwa amaiwala mayina ndi nkhope, koma vuto lake limene analidandaula yekha ndi pakamwa pake saliiwala, chifukwa akadali nalo. Bambo anuwo chuku akulimbana nacho mpaka lero. Pamenepo ndi pomwe mungawagwirire.

Ndiye musanagwire foni, khalani pansi ndi kope, mulembe zonse zimene mukukumbukira za kucheza kuja. Linali tsiku loyamba la msonkhano kapena lachiwiri? Munaima pati? Anayamba kulankhula ndani? Iwo ananena mawu ati enieni, inu munayankha chiyani? Ngati panali kanthu kena kapadera, monga kuti anakufunsani ngati mumalima nshawa za mtundu wa Chalimbana kapena wa MGV4, kapena anatchula kuti anagwirapo ntchito ku Katete, kalembeninso. Pa zonsezo mudzasankhapo ziwiri zokha: malo ndi nthawi, ndi mawu awo aja. Zinazo musunge, zidzakuthandizani tsiku lokumana.

Pano ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ambiri amagwa. Pokumbutsa munthu zimene ananena, musawonjezere ngakhale pang'ono. Kuuzidwa kuti mudzanene mukakolola ndi chilolezo choti mugogode pakhomo, si lonjezo loti adzagula. Mukalemba kuti "munalonjeza kuti mudzatigula nshawa," munthuyo adzidzimuka. Ayamba kudzifunsa ngati analankhula mopitirira, aona kuti mukumumanga ndi chingwe chimene sanavomere, ndipo njira yosavuta kwa iye ndi kungokhala chete. Ndinaonapo makalata ambiri abwino akufera pamenepa. Abwana ankawerenga, n'kunena kuti "ine sindinanene zimenezi," kalata n'kupita pansi pa mulu. Lembani mawu awo monga anatulukira, ndipo ngati simukuwakumbukira bwino, nenani mofewa: "ngati ndikukumbukira bwino, munati..." Munthu akaona kuti mwasunga mawu ake osawapotoza, amayamba kukhulupirira kuti ndi matumba anu omwe simudzanama.

Chachiwiri choti muganizire ndi chimene mukupempha. "Ndikufuna tikumane tikambirane" ndi pempho lolemera kwa munthu amene sakukudziwani, chifukwa sakudziwa kuti mudzamutengera nthawi yochuluka bwanji, komanso kuti mudzamufunsa chiyani. Mwina akuganiza kuti mukufuna ntchito, kapena ngongole, kapena thandizo la fizi ya mwana. Pempho lizikhala laling'ono, loti angathe kuyankha "inde" ali chiimire. Kumbukiraninso mtunda. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570, tsiku lathunthu pabasi, kuwonjezapo pogona ndi chakudya, ndipo ndalama zake ndi za amayi anzanu. Ine ndikanakhala inu sindikanayamba ndi kupempha kupita kumeneko. Ndikanapempha mphindi 10 pafoni poyamba, kuti ndimve zimene amafuna: mtundu wa nshawa, zoswa kapena zamakoko, amayeza bwanji chinyezi ndi chuku, amalipira pakapita masiku angati, komanso amanyamula okha kapena ayi. Mayankho a mafunso amenewa ndi omwe adzakuuzeni ngati ulendo uli woyenera. Makampani ena amatumiza ogula awo kuno kum'mawa nyengo ino, ndiye mwina kukumana kwake kudzachitikira pankhokwe yanu yomweyo.

Tsopano njira yotumizira. Tengani kadi ija muiyang'anitsitse. Ngati analembapo nambala ndi cholembera kumbuyo, kapena anazunguliza nambala ya foni ya m'manja, ndiye kuti anakulozerani khomo lolowera, gwiritsani ntchito WhatsApp. Ngati anangokupatsani kadi monga ilili, tumizani imelo, kenako kauthenga kafupi pafoni kowadziwitsa kuti mwatumiza. Musayambe ndi kuimba. Nambala yachilendo ikamalira munthu ali pamsonkhano amaidula, ndipo akayankha amakhala alibe mpata wokumbukira, mungomva "ndani kodi?" inu n'kusokonezeka. Musatumizenso uthenga wa mawu, chifukwa sangaumvere pakati pa anthu ndipo sangautumize kwa mnzake wa muofesi kuti aufufuze. Kubipa ndiye ayi ndithu.

Pali chizolowezi chathu china chimene pakhomo n'chabwino koma pafoni chimatipweteka. Kwathu sitifika pamudzi n'kuyamba nkhani. Timaima kaye kumphepete kwa bwalo, "odi," atilandire, atipatse mpando, tilonjerane, nkhani pambuyo. Ndiye anthu amatengera zomwezo pa WhatsApp: amalemba "Muli bwanji abwana?" n'kudikira. Kwa munthu amene sanasunge nambala yanu, moni wopanda dzina amaoneka ngati wa anthu ofuna kuba ndalama pafoni, ndipo sayankha. Moni aperekedwe ndithu, ulemu usachoke, koma moni, dzina, chikumbutso ndi pempho zikhale mu uthenga umodzi. Wanu ungaoneke chonchi:

"Mwauka bwanji a Uje. Ndine Uje, mlembi wa kopaletivu ya amayi olima nshawa ku Chipata. Tinacheza pa nthawi ya tiyi kumsonkhano wa zaulimi ku Lusaka mu Malichi. Munandiuza za vuto la chuku m'nshawa zimene mumalandira, ndipo munati ndidzakudziwitseni tikakolola. Takolola, tili ndi matumba 120 a makilogalamu 50, zoswa popanda kunyowetsa, zosankha ndi manja. Ndikupempha mphindi 10 pafoni kuti ndimve zimene kampani yanu imafuna tisanatumize zoti muone. Kodi Lachiwiri kapena Lachinayi m'mawa mungapezeke? Ngati nkhaniyi amaona ndi ena muofesi mwanu, chonde ndilozereni. Zikomo kwambiri."

Makilogalamu ndi zinazo ndangoyerekeza, inu muike zoona zake. Ngati matumba osankha kale ndi 80 ndipo 40 akadali ndi makoko, lembani choncho. Onani kuti sindinalembe "mwina simukundikumbukira" kapena "kodi mukundikumbukira?" Funso limenelo limamuika munthu pamayeso, ndipo akalephera amachita manyazi, manyaziwo n'kumulepheretsa kuyankha. Inu mungomupatsa zonse, akumbukire yekha mwakachetechete. Onaninso kuti mtengo sindinautchule. Mtengo ukalowa mu uthenga woyamba, yankho limakhala "wakwera" ndipo nkhani yathera pomwepo musanamvane n'komwe. Masiku awiri amene mwatchula amamuchepetsera ntchito yoganiza. Chiganizo chomalizacho, chopempha kuti akulozereni ena, ndimachikonda kwambiri: chimamupatsa njira yokuthandizirani ngakhale iye mwini atakhala kuti alibe nthawi kapena anasamutsidwa ku dipatimenti ina.

Mulembe m'chinenero chimene munachezera. Ngati munalankhula Chinyanja, pitirizani nacho, n'chimodzi mwa zinthu zimene zidzawakumbutse. Ngati chinali Chingelezi, dongosolo lake ndi lomweli, ndipo mupemphe mnzanu wina awerenge musanatumize. Tumizani pakati pa sabata, cha m'ma 9 koloko m'mawa, osati usiku kapena Lamlungu. Muyang'anenso dzina ndi chithunzi chimene chili pa WhatsApp yanu. Ngati pali dzina loti "Amake Uje" ndi chithunzi cha maluwa, sinthani kwa masiku ochepa, muike dzina lanu lenileni ndi nkhope yanu, pakuti nkhope ingawakumbutse pamene dzina lalephera.

Mukatumiza, pamabwera gawo lovuta, kudikira. Muona timizere tiwiri tasanduka tabuluu koma yankho ayi, mtima n'kuyamba kukuuzani kuti akunyozani. Nthawi zambiri si choncho. Wawerenga ali pagalimoto, wati ndiyankha ndikafika, mauthenga ena 50 n'kuukwirira. Dikirani sabata imodzi. Kenako tumizani wachiwiri, waufupi, wopanda madandaulo, wokhala ndi kanthu katsopano. Mwachitsanzo chithunzi chimodzi cha nshawa zosankha zili m'lichero, chojambulidwa panja masana, ndi mawu oti: "A Uje, nazi nshawa zimene ndinanena sabata yatha. Ndingakuimbireni Lachitatu 10 koloko?" Chithunzi chimodzi chokha, osati 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata ina ikatha kuli zii, imbani nambala ya ofesi imene ili pakadi. Akayankha mlembi, musamuone ngati chipupa. Iye ndiye amagwira buku la nthawi ya abwana, ndipo amadziwa ngati ali paulendo, akudwala, kapena anasiya ntchito. Mumulonjere bwino, mumuuze dzina lanu, kumene munakumana ndi abwana, ndi chimene mukufuna, m'ziganizo zitatu. Kenako mufunse kuti, "Njira yabwino yowapezera ndi iti?" Ine anthu amene ankandifunsa choncho ndinkawathandiza ndi mtima wonse. Amene ankanena kuti "ndi nkhani ya ine ndi iwo, angondiimbira" ndinkalemba dzina lawo ndithu, koma abwana akandifunsa kuti akufuna chiyani ndinalibe chowauza, ndipo sankaimba. Mukayesa katatu konseka popanda yankho, lekani, musawakwiyire, nambala musunge. Chaka chamawa mungadzayesenso.

M'masiku odikirawa musaimitse malonda onse chifukwa cha kadi imodzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Amayi anzanu muwauze zoona, kuti mukuyesa kugogoda, osati kuti mwapeza msika ku Lusaka. Mukawauza kuti msika wapezeka, adzakana ogula ena, ndipo zikadzakanika mlandu wonse udzagwera inu. Gwirizanani tsiku, tinene kumapeto kwa Julayi, loti likadzafika popanda chomveka mudzagulitse kwina.

Yankho likabwera, muliwerenge mosamala, chifukwa si "inde" aliyense amene ali inde. Akati "lankhulani ndi a Uje, nayi nambala," limenelo ndi yankho labwino kwambiri, musalione ngati akukuthawani. Mulembereni munthu watsopanoyo tsiku lomwelo, muyambe ndi dzina la amene wakutumani. Koma akati "mukabwera ku Lusaka mudzandipeze," amenewo ndi mawu aulemu chabe, tsiku palibe. Muyankhe kuti, "Zikomo. Ndikhoza kubwera pa 8 kapena pa 10 Julayi. Ndi tsiku liti ndi nthawi yanji imene ingakukomereni, ndipo ndifikire kuofesi iti?" Pokhapokha atatchula tsiku, ola ndi malo m'pamene mugule tikiti.

Sindidzaiwala bambo wina wachikulire amene anafika paofesi yathu m'mawa wina atavala jekete, kathumba ka nyemba zoonetsa kali m'manja. Anachokera kutali, anagona panjira. Anatulutsa kadi ya abwana m'thumba la malaya, itakulungidwa bwino m'kapepala ka pulasitiki, nati anauzidwa kuti adzabwere nthawi iliyonse. Abwana anali atanyamuka dzulo lake kupita ku Ndola, kobwera pakatha masiku anayi. Bamboyo anakhala pabenchi mpaka masana, kathumba kali pamiyendo, akuyembekezera kuti mwina zisintha. Ndinamupangira tiyi, ndinalemba zonse zimene ananena, koma ndalama yake yaulendo inali itapita. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti, ngakhale tsiku litaperekedwa, tsiku loti mawa mukwera basi mutumize uthenga: "Ndikunyamuka mawa m'mamawa, kodi Lachinayi 10 koloko lija likadalipo?" Kumva kuti zasintha mukadali pa Kapata ku Chipata n'kwabwino kusiyana ndi kumva mutawoloka kale mlatho wa Luangwa.

Pali zina zoti ndikuuzeni monga mayi mnzanu. Kukumana kwa ntchito kumachitikira muofesi kapena pamalo oonekera, nthawi yantchito. Munthu akayamba kunena kuti mukumane madzulo kuloji, kapena mauthenga ake akasiya za nshawa n'kuyamba za maonekedwe anu, mubwezereni pamzere kamodzi: "Ndidzabwera ndi apampando athu, tingakonde tikumane kuofesi." Woona mtima adzavomera. Akakana, mwadziwa, ndipo palibe matumba amene angalipire zimenezo. Ngakhale zonse zili bwino, kupita awiri n'kothandiza: wina akulankhula, wina akulemba, ndipo pobwerera gulu limva kuchokera pakamwa pawiri.

Chenjeraninso ndi ndalama. Wogula weniweni sakupemphani kuti mutumize ndalama pafoni kuti "akulembetseni" kapena kuti "atsegule fayilo." Uthenga ukabwera kuchokera panambala yosiyana ndi ya pakadi, wonena kuti ndine uja, imbani kuofesi mufunse ngati nambalayo ndi yawo. Ndipo ngati mwamva kuti bamboyo anachoka pakampanipo koma akufuna kugula payekha, imeneyo ndi nkhani ina, muiyeze mwatsopano, chifukwa dzina la kampani lomwe munkadalira palibenso.

Pali malo atatu pomwe ndingakulangizeni kuti musayende nokha. Ngati kadi inatayika kapena nambala sizikugwira, funsani amene anakonza msonkhano uja kapena amene anakutumani kumeneko. Amakhala ndi kaundula wa amene anabwera, ndipo ngakhale atakana kukupatsani nambala ya munthu, angathe kumutumizira uthenga wanu. Ngati wogulayo afunsa za kuyeza chuku, musayankhe mongoganiza. Nshawa zikhoza kuoneka zoyera bwinobwino koma zili ndi poizoni wake, maso okha sangaone, ndipo kusanyowetsa poswa kumachepetsa vutoli koma sikutsimikiza kuti palibiretu. Funsani alangizi a m'dera lanu, kapena a ku Msekera kumene amachita kafukufuku wa nshawa, akulozereni koyezetsa. Ndipo nkhani ikafika pa pepala la mgwirizano, makamaka ngati akufuna kunyamula katundu kuti adzalipire pambuyo, musasaine tsiku lomwelo. Tengani pepalalo, mukaonetse komiti yanu ndi ofesala woona za makopaletivu paboma.

Tsiku lokumana likakwana, nyamulani nshawa zoonetsa zokwana kilogalamu imodzi kapena awiri, zotapa m'matumba osiyanasiyana, osati zosankhidwa mwapadera kuti zikongole, chifukwa tsiku lonyamula adzafananiza. Tenganinso satifiketi ya kopaletivu ndi pepala limodzi lolembapo mtundu wa nshawa, kuchuluka kwake, kumene zili ndi nambala ziwiri za foni. Mukalowa, mutalonjerana, mudzitchule dzina ngakhale munalemberana kale, kenako mutulutse kanthu kaja munasunga m'kope: "Paja munandifunsa ngati timalima Chalimbana..." Mphindi zimene munapempha zikakwana, nenani nokha kuti nthawi yatha. Akafuna kupitiriza, adzakuuzani kuti khalani. Madzulo a tsiku lomwelo, musanagone, muwalembere mizere itatu: kuthokoza, zimene mwagwirizana, ndi tsiku limene mudzatumize zimene apempha.